Chikwangwani cha butchala cha patsamba 6: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba

Kabuku ka ana kaja nkhani yake yatha kulembedwa, zatsala zithunzi. Ndi ka ana a sitandade 2 omwe amabwera kukalabu yowerenga Loweruka, nkhani ya mwana yemwe watumidwa kukagula nyama pa tiredingi senta. Zithunzi zambiri zatuluka bwino ndithu ndi pulogalamu ya AI yojambula, njinga zakabaza, azimayi ogulitsa tomato, fumbi, zonse bho. Chavuta ndi cha patsamba 6 pomwe mwanayo wafika pabutchala ndiye akuyenera kuwerenga chikwangwani, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepo, mwana wam'nkhani akuwerenga ndipo mwana wogwira bukuli naye awerenge naye limodzi. Pachikwangwanipo pakufunika mizere iwiri basi, pamwamba TAKULANDIRANI, pansi NYAMA YA NG'OMBE NDI MBUZI.

Ndayamba ndi Stable Diffusion 1.5, modelo ya AI yojambula yakale ija ya 2022, pa kompyuta ya mnzanga, poti ndi yomwe imayenda msanga pamakina ake. Pulomputi, mawu ouza modelo choti ijambule, ndalemba m'Chingelezi chifukwa ndi chomwe imamva:

```
small butchery at a rural trading centre in Malawi,
hand painted wooden sign that says "TAKULANDIRANI",
children's book illustration
```

Butchala yatuluka yooneka bwino, khonde, malata, mwendo wa mbuzi utapachikidwa. Chikwangwani chiliponso, ukachiona patali ungati palembedwa mawu. Ukayandikira ndi zinthu zonga zilembo chabe, T ndi A woyamba nthawi zina amaoneka, kenako N wotembenuka, kenako chinachake chomwe chili pakati pa R ndi K, kwinako mizere yoima basi. Ndasintha `seed`, nambala yomwe ukaisintha pamatuluka chithunzi china, kambirimbiri, nyumba ikusintha, mawu osatheka ngakhale kamodzi.

Lachiwiri

Lero sindinajambule kanthu, ndimafuna ndimvetse kaye kuti mawu anga akafika mkatimo amasanduka chani. Nkhani ndi yakuti gawo lomwe limajambula siliona zilembo zomwe ndalemba. Pulomputi imayamba yadutsa mu modelo ina yotchedwa CLIP, ndipo isanalowe imadulidwa m'zidutswa zomwe amati matokeni. CLIP ili ndi mndandanda wa matokeni pafupifupi 49,000, mawu omwe ankapezeka kawirikawiri pomwe mndandandawo unkapangidwa ali ndi tokeni yawoyawo, osowa amadulidwadulidwa. Aliyense atha kudzionera yekha ndi mizere iyi:

```python
from transformers import CLIPTokenizer
t = CLIPTokenizer.from_pretrained("openai/clip-vit-large-patch14")
print(t.tokenize("coffee"))
print(t.tokenize("takulandirani"))
```

Loyambalo limatuluka tokeni imodzi yathunthu. Lachiwirilo limatuluka zidutswa zingapo, ndipo kadulidwe kake sikalabadira maphatikizo athu a ta-ku-la-ndi-ra-ni, kamangotsata zidutswa zomwe zimapezeka kwambiri m'malemba a Chingelezi. Ndiye tokeni iliyonse imasanduka nambala. Modelo ikalandira nambala ya liwu la khofi lija siuzidwa kuti mkati mwake muli zilembo 6, kuti F alimo awiri ndi E awiri, ayi, imangolandira chinthu chimodzi chotseka. Ngati ikutha kulijambula liwulo pachikwangwani ndi chifukwa inaona zithunzi zochuluka zedi za malo omwera khofi zomwe mawu ofotokoza chithunzicho analinso ndi liwu lomwelo, ndiye inaloweza maonekedwe ake onse ngati momwe inalowezera maonekedwe a galu kapena njinga.

Zili ngati munthu waluso pa penti koma sanaphunzire kuwerenga, wayendayenda m'tauni waona zikwangwani zambiri, ukamuuza kuti ndilembere chikwangwani akudziwa kuti pamakhala timizere toima, topingasa, tozungulira, totalikirana mofanana, ndipo mawu ena omwe wawaona tsiku ndi tsiku atha kuwajambula ndendende kuchokera m'mutu. Koma umuuze liwu lomwe sanalionepo litalembedwa, akupatsa chinthu chooneka ngati malemba basi.

Apa mpomwe ife a Chichewa tikuvutika kawiri. Zithunzi zomwe Stable Diffusion inaphunzirapo zinachokera mu LAION, mulu wa zithunzi za pa intaneti ndi mawu ake, ndipo gawo lomwe linagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi la Chingelezi. Zikwangwani zathu za m'misika ya Mitundu kapena Lunzu anthu sazijambula nkuziika pa intaneti atalembanso pansi pake mawu onse omwe ali pachikwangwanipo. Ndiye palibe pomwe ikanalowezera. China chomwe ndaona, CLIP imasandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono isanadule, ndiye kulemba TAKULANDIRANI ndi zilembo zazikulu mu pulomputi sikusintha chilichonse pa modelo imeneyi. Komanso imathera pa matokeni 77, liwu limodzi lathu lalitali likudya malo a mawu angapo a Chingelezi.

Lachinayi usiku

Ndimaganiza kuti vuto ndi matokeni okha koma pali lachiwiri, ndipo ili ndi lomwe landitsegula maso kwambiri chifukwa ndi la masamu wamba oti utha kuwerengera papepala usanawononge bandulo.

Modeloyi sijambula pa mapikiselo enieni. Chithunzi cha 512 ndi 512 chimapanidwa ndi kachigawo kotchedwa VAE, mbali iliyonse imachepetsedwa ka 8, ndiye kujambula konse kumachitikira pa timabokosi 64 ndi 64, kabokosi kalikonse kali ndi manambala 4 okha. Pomaliza VAE yomweyo imafutukula kubwezera ku 512. Kuwerengera kwake, chithunzi chathunthu chili ndi manambala 786,432 poti pikiselo iliyonse ili ndi manambala 3 a mtundu, chopanidwacho chili ndi 16,384, kuchepa ka 48. Pa khoma, pa mtambo, pa udzu sizioneka kuti chatayika chilipo, VAE imangolotera udzu wina wofanana nawo ndipo palibe angadandaule. Koma chilembo sichilola kulotera, E ndi F amasiyana ndi kamzere kamodzi.

Tsono tiyeni pa chikwangwani changa. Mu chithunzi cha Lolemba chija chikwangwani chinatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi, tinene mapikiselo 170. TAKULANDIRANI ali ndi zilembo 13. Gawani 170 ndi 13, chilembo chilichonse chikupeza mapikiselo 13, gawaninso ndi 8, chikupeza kabokosi kamodzi ndi theka. Mzere wachiwiri uja ndi woipirapo, NYAMA YA NG'OMBE NDI MBUZI kuphatikiza mipata ndi kankhodolero ka pa NG' ndi malo 26, ndiye chilembo chilichonse chikupeza mapikiselo 6 kapena 7, sichikukwana olo kabokosi kamodzi. Ngakhale modelo ikanadziwa kalembedwe ka mawuwo bwinobwino, malo olembapo palibe.

Ndafuna nditsimikize kuti si maganizo chabe. Ndatenga chithunzi chenicheni chomwe ndinajambula ndi foni, cha golosale ina yomwe pakhoma pake palembedwa mitengo ndi penti, ndachichepetsa kufika 512, mawu akadali owerengeka. Mu ComfyUI, pulogalamu yoyendetsera mamodelowa, ndalumikiza `Load Image` ku `VAE Encode`, kuchoka apo molunjika ku `VAE Decode`, popanda pulomputi, popanda kujambula kulikonse, kungopana nkufutukula basi. Dzina lalikulu la pamwamba labwerera lili bwino. Mitengo ing'onoing'ono ija yabwerera itapindika, 8 wina wafanana ndi 3, zilembo zina zamatirirana. Kutanthauza kuti malemba ang'onoang'ono amafera pakhomo penipeni, pulomputi olo uyikonze bwanji sungawapulumutse.

Umu ndi mmene ungasiyanitsire mavuto awiriwa ukayang'ana chithunzi chomwe chalakwika. Ngati zilembo zili zosungunuka, zosadziwika kuti ndi chilembo chanji, vuto ndi malo, kulitsa chikwangwani kapena chepetsa mawu. Ngati chilembo chilichonse chili chooneka bwino, chakuthwa, koma liwu lalakwika, china chasowa china chabwerezedwa, pamenepo malo alipo, vuto ndi loti modelo sidziwa masipelo, ndipo kukulitsa chithunzi sikuthandiza.

Loweruka

Ndasamukira ku SDXL ya 2023 yomwe imajambula pa 1024 ndi 1024, timabokosi 128 ndi 128, ndipo ndasintha kaimidwe ka chithunzi kuti tikhale pafupi ndi khomo, chikwangwani chitenge mapikiselo ngati 700. Pamenepo chilembo cha mzere woyamba chikupeza mapikiselo 54, timabokosi pafupifupi 7. Zilembo zayamba kuoneka zenizeni tsopano, ndiye vuto la masipelo lija laonekera poyera. Zomwe zikutuluka ndi monga TAKULANI, TAKULANDRANI, TAKULANANDIRAN.

Ndakhala ndikuyang'ana chifukwa chomwe zikusokonekera malo amodzimodzi, pakati pa liwu. Munthu polemba amayamba kumanzere, T, kenako A, akudziwa pomwe wafika. Modeloyi siitero. Imayamba ndi timadontho tachisawawa chithunzi chonse, nkumachotsa chisawawacho pang'onopang'ono m'masitepe 20 kapena 30, malo onse nthawi imodzi. M'masitepe oyambirira imakhazikitsa zikuluzikulu, kuti apa pali thabwa, pathabwapo pali kamzere kakuda kotalika chonchi kokhala ndi timagulu takutitakuti. Zoti timaguluto ndi 13 kapena 11 palibe akuwerenga. Masitepe akumapeto amangosandutsa kagulu kalikonse kukhala chilembo chogwirizana ndi zoyandikana nazo. Ndiye liwu ngati lathuli lomwe lili ndi LAN kenako RAN, A atatu, N awiri, I awiri, ndi losavuta kuti chidutswa china chilumphidwe kapena chibwere kawiri, poti mbali zonse ziwiri zikuoneka zolondola ukaziona pazokha.

Mawu aafupi akutheka nthawi zina. NYAMA payekha watuluka bwino maulendo ena, MBUZI naye. Ukangowaika onse pamodzi zimabalalika.

Lachiwiri linalo

Ndayesa mamodelo atsopano. Stable Diffusion 3 ndi FLUX.1, onse a 2024, anawonjezera chomvera mawu china chachikulu chotchedwa T5 pambali pa CLIP, ndipo VAE yawo imasunga manambala 16 pa kabokosi m'malo mwa 4, ndiye mavuto onse awiri aja achepako. Kusiyana kulipo kwakukulu zedi, sindikufuna kunyoza. Ndi FLUX, mawu nditawaika m'mitengero ndi kunena kuti ali pa mzere umodzi, TAKULANDIRANI watuluka wolondola maulendo angapo, wopakidwa bwino ngati wa penti weniweni. Ideogram ya pa intaneti nayo imayesetsa pa malemba, anthu opanga maposita amaikonda pa chifukwa chomwechi.

Koma T5 nayo imadula mawu m'matokeni, siiona chilembo chimodzichimodzi, ndipo inaphunzira kwambiri pa Chingelezi. Akatswiri a ku Google analemba za zimenezi mu 2022, anaonetsa kuti ukagwiritsa ntchito chomvera mawu chomwe chimawerenga chilembo ndi chilembo, monga ByT5, masipelo a m'zithunzi amakhala bwino kwambiri makamaka pa mawu osowa. Mawu athu onse kwa mamodelowa ndi osowa.

Mzere wachiwiri ndi womwe ukukanabe. Kankhodolero ka mu NG'OMBE kakusowa kawirikawiri, kapena kakupita malo olakwika, N'GOMBE, kapena kakusanduka kadontho ka penti pamwamba pa G. Kwa modelo kameneko ndi kachizindikiro kakang'ono kosafunika, mapikiselo ochepa. Kwa mwana wa sitandade 2 yemwe aphunzitsi akulimbana naye kuti asiyanitse ng'o ndi ngo, kameneko ndiye phunziro lonse. Sindingasindikize buku lophunzitsa kuwerenga lomwe likumuonetsa mwana NGOMBE pachikwangwani pomwe m'nkhani mwalembedwa ng'ombe.

Ndipo pali ngozi ina yomwe mamodelo abwinowa abweretsa. Akale aja akalakwitsa umaona uli patali. Atsopanowa amalakwitsa mwaukhondo. Chithunzi china chinatuluka chokongola kwambiri, kuwala kwa dzuwa lamadzulo, zonse, ndinawatumizira amadamu omwe amaphunzitsa kukalabu kuti aone. Anayankha kuti, "Achimwene, chithunzichi chili bwino koma tawerenganinso pang'onopang'ono, palembedwa TAKULANDILANI." Maso a munthu wamkulu amaona chiyambi ndi mathero a liwu nkumalizitsa okha, ndipo L ndi R ife tomwe timawasinthanitsa polankhula ndiye ubongo suimirira nkomwe. Kuyambira pamenepo ndikumawerenga chikwangwani chilichonse kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro, chilembo chimodzichimodzi, nditakulitsa chithunzi pa sikirini, kenako kuwerenga kuti zilipo zingati, zikapanda kukwana 13 ndiye basi chalakwika.

Lachisanu

Ndasiya kuipempha kuti ilembe. Njira yomwe ndatenga ndi yoti modelo ijambule thabwa lopanda kanthu, mawu ndiikepo ndekha. Mu pulomputi ndachotsa mawu a Chichewa onse nkuika izi:

```
large blank white wooden signboard above the door, facing the viewer
Negative prompt: text, letters, words, writing
```

Mzere wachiwiriwo, wonena zomwe modelo isajambule, ukugwira ntchito pa SDXL, pa FLUX nthawi zambiri malo ake sapezeka ndiye umangodalira woyambawo. Olo utero nthawi zina imaikabe timalemba tabodza pathabwa chifukwa inazolowera kuti chikwangwani chimakhala ndi mawu, zikatero ndimangopaka penti yoyera pamwamba mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, si nkhani. Ndapempha kuti thabwa liyang'ane kutsogolo chifukwa likapendekeka kwambiri zilembo zakumapeto zimapanikizana, mwana avutika.

Dongosolo lake likufunika kusamala. Kabukuka ndi ka A5, posindikiza pa madontho 300 pa inchi tsamba lathunthu ndi mapikiselo 1748 ndi 2480, ndiye chithunzi cha 1024 chiyenera kukulitsidwa. Kukulitsako kuchitike kaye mawu asanaikidwe. Zokulitsira zambiri zimajambulanso tinthu ting'onoting'ono mwa nzeru zawo, ukaika mawu kaye kenako nkukulitsa zitha kukupindira zilembo zomwe unalemba bwinobwino.

Mu GIMP ndalemba mizere iwiri ija ndi `Text Tool`, fonti yonenepa yopanda zokongoletsa, mtundu wofiira woderako ngati penti ya mafuta yomwe amalembera m'mabutchala. Kenako `Perspective Tool`, pa kiyibodi ndi `Shift+P`, kukoka makona anayi a malembawo kuti agwirizane ndi makona a thabwa. Apa zimaonekabe kuti mawu angomatidwa pamwamba, akuthwa kwambiri kuposa china chilichonse m'chithunzimo. Zomwe zathandiza ndi kusintha `Mode` ya leya ya malemba kukhala `Multiply` kuti mizere ya thabwa ndi mthunzi wa denga zionekere kudutsa mu penti, kutsitsa `Opacity` kufika cha m'ma 85, ndi `Gaussian Blur` pang'ono kwambiri, pikiselo imodzi kapena ziwiri, kuti kuthwa kwake kufanane ndi kwa chitseko chomwe chili pambali. `Multiply` imagwira ngati malemba ndi akuda pa thabwa loyera, zikakhala zoyera pa thabwa lakuda mawu amangozimirira, pamenepo umafunika `Screen`.

Lamulungu madzulo

Ndimafuna zilembo zioneke ngati zalembedwa ndi dzanja, osati za kompyuta, ndiye ndabwezera chithunzicho mu modelo kudzera pa `Inpaint`, njira yojambulanso pokhapo pomwe waphimba, nditaphimba thabwa lokha, ndi kusankha `Only masked` kuti kachigawo kameneko kakulitsidwe kapeze timabokosi tambiri pojambulidwa. Chofunika kwambiri apa ndi `Denoising strength`, yomwe imanena kuti modelo ili ndi ufulu wochuluka bwanji wosintha zomwe yapeza. Pa 0.2 mpaka 0.3 m'mphepete mwa zilembo mwakhala mokhotakhota pang'ono ngati mwadutsa bulashi, penti yaoneka yothimbirira malo ena, mawu ali momwemo. Pa 0.4 mzere waukulu unali bwino koma kankhodolero kaja kanayamba kumatirira ku G. Kupitirira 0.5 yayambanso kulemba zake, R kusanduka B, zomwe tinathawa zija. Ndiye ndaima pa 0.25, ndipo kankhodolero ndakakulitsa dala mu GIMP ndisanabwezere, nkukapatsa mpata wokwanira mbali zonse ziwiri, kuti kasaoneke ngati dontho loti lifufutidwe.

Mnzanga mwini kompyuta akuti ndiyese ControlNet, pomwe umaipatsa modelo chithunzi cha zilembo zakuda pa zoyera nkuiuza kuti itsate m'mphepete mwake pojambula. Nzeru yake ndi yomweyi, masipelo achokere kwa munthu, modelo ingopaka. Imathandiza kwambiri ngati ukufuna zilembo zosema pa mtengo kapena zowala usiku zomwe mu GIMP zingatenge nthawi. Pa thabwa lafulati ngati langali sindikuona chifukwa chowonjezera ntchito.

Ubwino wina womwe ndauona, malemba ali pa leya yawoyawo mu fayilo ya GIMP. Amadamu anena kale kuti mwina tidzafune kabuku komweka m'Chitumbuka ka ana a kwawo ku Rumphi, ndiye kudzangokhala kusintha mizere iwiri, butchala yomweyo, mwana yemweyo. Zikanakhala kuti mawu anajambulidwa ndi modelo, kusintha liwu limodzi kukanatanthauza kujambulanso, ndipo nkhope ya mwana ikanasintha osafanananso ndi ya patsamba 5.

Lolemba

Tsamba 6 latha mbali ya chikwangwani chachikulu. Ndasindikiza pa pepala wamba kukula kwake kwenikweni kwa A5 chifukwa pa sikirini chilichonse chimaoneka chachikulu, mzere wachiwiri unachepa, ndaukulitsa nkuugawa pawiri, NYAMA YA NG'OMBE pamwamba, NDI MBUZI pansi.

Chomwe chatsala ndi malemba omwe sindinapemphe. Nditayang'anitsitsa masamba enawo ndapeza kuti modelo yamwaza timalemba tabodza paliponse, pa golosale yakumbuyo patsamba 3, pa matumba a ufa, pa nambala ya minibasi, olo pa malaya a wakabaza. Wamkulu saziona, koma mwana yemwe wangoyamba kuwerenga amayesa kuwerenga chilichonse chooneka ngati chilembo, akalephera aziganiza kuti vuto ndi iyeyo. Ndiye sabata ino ndidutsa tsamba ndi tsamba nditakulitsa, zakutali ndizifufuta ndi `Heal Tool`, zapafupi monga golosale ija ndiikapo mawu enieni aafupi omwe ana awaphunzira kale, SOPO, MCHERE, SHUGA, njira yomweyi ya thabwa lopanda kanthu. Loweruka amadamu atenga masamba 3 ndi 6 osindikiza kukalabu kuti ana awerenge mokweza, tione ngati fonti ija ikuwasokoneza pa G ndi C, ngati ikutero ndisintha ndisanapange masamba otsalawo.